Matumba 80 a simenti amene anatikanganitsa ndi alamu anga

Alamu anga ali ndi kashopu ka zipangizo zomangira nyumba, ndipo chaka chikamatha ndine ndimawathandiza kutseka mabuku. Tsiku lina tinakangana mpaka nsima kuzizira, nkhani yake matumba 80 a simenti amene anatsala m'sitolo. Iwo ankati, "Alamu, katundu woti sindinagulitse akukhudzana bwanji ndi phindu langa?" Maganizo anga ndi akuti phindu limene timalemba m'buku limadalira kwambiri mtengo umene taupereka kwa katundu wotsalayo, ndipo ambiri timaulemba mwachisawawa.

Masamu ake ndi awa. Mumatenga katundu amene munayamba naye chaka, kuwonjezera amene mwaoda, kenako kuchotsa amene watsala. Chimene chatuluka ndiye mtengo wa katundu amene mwagulitsa. Ndiye mukakweza mtengo wa wotsala ndi kwacha imodzi, mtengo wa wogulitsidwa umatsika ndi kwacha imodzi, phindu n'kukwera ndi kwacha imodzi, m'thumba musanalowe ngakhale tambala.

Manambala ndawafewetsa kuti tisasochere. Alamu anayamba ndi matumba 100 ogula pa K15,000 limodzi. Mitengo itakwera (mukukumbuka momwe zinthu zinalumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023) anaodanso matumba 200 pa K21,000. Onse 300 anawadyera K5,700,000. Anagulitsa matumba 220 pa K24,000, n'kutolera K5,280,000.

Nanga 80 otsalawo tiwalembe pa mtengo uti? Tikati woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka, njira ija imalembedwa FIFO, otsalawo ndi a oda yatsopano: 80 × K21,000 = K1,680,000. Mtengo wa ogulitsidwa ukhala K4,020,000, phindu K1,260,000 tisanachotse lendi ndi malipiro a mnyamata. Tikasakaniza mitengo yonse n'kupeza wapakati, thumba lililonse ligwera pa K19,000, otsala akhala K1,520,000, phindu litsika kufika pa K1,100,000. Shopu yomweyo, matumba omwewo, koma kusiyana K160,000. Njira zonse ziwiri n'zololedwa ndi lamulo la akauntanti lotchedwa IAS 2, bola musamasinthesinthe chaka ndi chaka. Ija yoti womaliza kulowa ndiye woyamba kutuluka lamuloli limaikana.

Alamu sanatsate iliyonse mwa ziwirizi. Anawerengera otsalawo pa mtengo wogulitsira, K24,000, ati poti ndi ndalama imene adzapeze. Phindu linatupa kufika K1,500,000, iwo n'kuyamba kufunsa mtengo wa malata a nyumba yakumudzi. Kumeneku n'kuwerengera anapiye akadali m'mazira. Katundu wotsala amalembedwa pa mtengo umene munamugulira, kuphatikizapo thiransipoti yomufikitsa pashopu. Ngati ndalama imene mungapeze pomugulitsa yatsika kuposa pamenepo, mumalemba yotsikayo.

Mfundo yomalizayi ndi imene inawawawa. Titalowa m'sitolo kukawerenga ndi manja, osati kukhulupirira kope, tinapeza kuti matumba 10 amene anatsamira khoma anakoka chinyontho n'kuuma gwa ngati mwala. Palibe mmisiri angagule zimenezo. Choncho otsala enieni ndi 70, mtengo wake K1,470,000 tikawerengera pa K21,000 limodzi mwa njira ya FIFO ija, ndipo phindu linagwera pa K1,050,000. Alamu ankafuna tiwasiye m'buku, ati kuti ku banki zikaoneke bwino. Ndinakana. Katundu wotseka naye chaka chino ndi yemweyo wotsegula naye chaka chamawa, kotero K210,000 imene mwabisa lero idzatuluka chaka chamawa ngati phindu losowa. Pakali pano mukhala mwalipira msonkho ku MRA pa miyala. Amene amachepetsa dala katundu wotsala kuti azembe msonkho nayenso amangokankhira phindulo kutsogolo, n'kudziputira chilango.

Njira yophweka yodziwira kuti nambala yalakwika ndi kuyang'ana phindu pa kwacha iliyonse yogulitsa. Ngati zaka zonse mumapeza matambala 20 pa kwacha, chaka chino buku likuti 28, pomwe simunasinthe kagulitsidwe, musathamangire kuvina. Bwererani m'sitolo mukawerengenso.

Ndipo ngakhale K1,050,000 yolondolayo sindinawalole kuidya yonse. Gawo lake linabwera chifukwa anagulitsa matumba akale a K15,000 pa mtengo watsopano, mwayi umene subwereranso. Kuti abwezeretse matumba 220 amene anatuluka, pa K21,000, pakufunika K4,620,000. Pa K5,280,000 ija patsala K660,000 yokha, ndiye muchotsepo K210,000 yolowetsa m'malo mwa matumba ouma aja, lendi isanalipidwe. Malata tinawaimika kaye, ndipo simenti tsopano amaisanja pa mapaleti, kutali ndi khoma.