Nyenyezi zimene mukuona usiku sizinafe ayi

Anthu amakonda kugawana mawu akuti nyenyezi zomwe timaona kumwamba zinafa kalekale, ife tikungoona kuwala kwake. Ine mawuwa ndimawakana, ndipo masamu ake si ovuta.

Kuwala kumathamanga makilomita 299,792 pa sekondi imodzi. Dzuwa lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 149.6 miliyoni. Mukagawa mtundawo ndi liwirolo mupeza masekondi 499, omwe ndi mphindi 8 ndi masekondi 19. Nambalayi imasinthako, chifukwa njira imene dziko limadutsa pozungulira dzuwa ndi yobulungira motalikirako mbali imodzi. Kumayambiriro kwa Januwale timakhala pa makilomita 147.1 miliyoni ndipo kuwala kumafika m'mphindi 8 ndi masekondi 11, pomwe kumayambiriro kwa Julayi mtunda umafika 152.1 miliyoni, nthawi n'kukhala mphindi 8 ndi masekondi 27.

Ku nyenyezi makilomita amachuluka mosawerengeka, choncho amayeza ndi mtunda umene kuwala kumayenda pa chaka chathunthu, makilomita pafupifupi 9.46 thiriliyoni. Kayezedwe kake n'kotere. Amajambula nyenyezi lero, n'kudzaijambulanso patatha miyezi 6 dziko litapita mbali ina ya dzuwa. Nyenyezi yapafupi imaoneka ngati yasuntha pang'ono poyerekeza ndi zakutali, monga chimachitira chala mukachiyang'ana ndi diso limodzi kenako linalo. Amatenga theka la kusunthako, n'kuliyeza m'timagawo ta digiri, digiri imodzi itagawidwa ka 3,600. Mukagawa 3.26 ndi nambala imeneyo, yankho lake ndi zaka zimene kuwala kwayenda.

Tiyese ndi Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku. Nambala yake ndi 0.379, ndiye 3.26 kugawa ndi 0.379 ikupereka zaka 8.6. Kuwala kwake kumene mungaone usiku uno kunanyamuka mwana wa Sitandade 3 ali khanda. Nyenyezi ina, Alpha Centauri, sifika ngakhale zaka 4 ndi theka.

Njirayi imayamba kuvuta nyenyezi ikatalikira. Betelgeuse, yofiira ija ya m'gulu la Orion, imasuntha ndi pafupifupi 0.005 yokha, ndipo ndi yaikulu kwambiri moti kukula kwake kumene timakuona kumaposa kusunthako. Pamwamba pake pamawala mosiyanasiyana, choncho kupeza pakati pake penipeni n'kovuta. N'chifukwa chake wina amalemba zaka 550, wina zoposa 700. Mukaona munthu akutchula nambala imodzi ngati yotsimikizika, muikayikire.

Nanga zakufa zija zikuchokera kuti? Nyenyezi zambiri zimene diso limaziona payokhapayokha zili pa zaka mazana angapo, zochepa pa zikwi zingapo. Nyenyezi imakhala zaka mamiliyoni, zina mabiliyoni, ndiye zaka 600 za ulendo wa kuwala n'kanthawi kochepa zedi pa moyo wake. Betelgeuse ndi imodzi mwa zochepa zimene munthu angaziganizire, poti yakalamba ndipo idzaphulika, koma akatswiri ambiri amayembekezera zimenezi mkati mwa zaka pafupifupi 100,000 zikubwerazi.