Mukasintha x kukhala u, malire nawonso asinthe pomwepo

Anzanga amene mukuphunzira kalikyulasi, ndi inu aphunzitsi anzanga, ndili ndi maganizo pa nkhani ya intigiro yokhala ndi malire. Ine ndimati munthu akangolemba u m'malo mwa x, asapite pa mzere wina asanasinthe manambala awiri aja a m'munsi ndi m'mwamba mwa chizindikiro cha intigiro. Ena amati zimenezi n'zosankha, kuti ukhoza kuwasiya ukawaone kumapeto. Njira yoteroyo ilipodi, koma ambiri amene ndimachonga ntchito yawo amagwera pomwepo.

Tiyeni tione samu iyi: intigiro ya 2x(x² + 1)³ dx, x kuchokera pa 0 kufika pa 2.

Aliyense amene wazolowera amaona msanga kuti 2x ndi chimene chimatuluka tikadifarenshieta x² + 1. Ndiye timati u = x² + 1, ndipo du = 2x dx. Samu yonse yafupika, yangotsala u³ du. Apa mpamene dzanja limathamanga. Munthu amakopera 0 ndi 2 zija monga zilili, amapeza u⁴/4, amaikamo 2 ndi 0, yankho n'kutuluka 4. Masitepe onse amaoneka aukhondo, koma 4 ndi yolakwa, ndipo yalakwa kutali.

Chifukwa chake n'chakuti 0 ndi 2 si manambala ongoyandama. Ndi malo amene x akuyambira ndi pamene akuthera. Chilembo u chili ndi ulendo wakewake. Pamene x ali pa 0, u ali pa 0² + 1, ndiye kuti 1. Pamene x wafika pa 2, u wafika pa 2² + 1, ndiye kuti 5. Zili ngati munthu amene ali ndi matumba 2 a chimanga a makilogalamu 50 lililonse. Akafuna kunena m'makilogalamu ayenera kuti 100. Akasintha muyeso koma nambala n'kuisiya, akuti makilogalamu 2, ndipo chimenecho si chimanga chomwe chija ayi.

Choncho samu yathu yoona ndi intigiro ya u³ du, u kuchokera pa 1 kufika pa 5. Timapeza u⁴/4, n'kuikamo 5 ndi 1: 625/4 kuchotsapo 1/4, zomwe ndi 624/4. Yankho ndi 156.

Njira inayo ndi yobwerera kwa x. Umayamba wapeza intigiro popanda malire, u⁴/4, kenako umabwezeretsa x, kukhala (x² + 1)⁴/4, ndipo pokhapo mpamene umaikamo 2 ndi 0. Pa 2 umapeza 5⁴/4, pa 0 umapeza 1⁴/4, yankho lomwe lija la 156. Njirayi ndi yolondola, sindikuikana. Chimene chimandipweteka ndi momwe anthu amailembera. Pa mzere wapakati amalemba intigiro ya u³ du ndi malire 0 ndi 2, kenako pa mzere wotsatira abwerera kwa x, yankho n'kutuluka bwino. Ukawafunsa amati, "Koma aphunzitsi, yankho ndapeza." Inde lapezeka, koma mzere wapakatiwo mtengo wake ndi 4, ndipo walumikizidwa ndi chizindikiro cha = ku samu imene mtengo wake ndi 156. Papepalapo palembedwa kuti 156 ndi 4 n'chimodzimodzi. Ine pamenepo ndimachotsa malikisi, ndipo ndimafotokoza chifukwa chake. Amene akufuna njira yobwerera kwa x, achite mbali ya u payokha popanda malire, kapena alembe poyera kuti x = 0 ndi x = 2 pa chizindikirocho.

Palinso kusokoneza kwina kumene kumagwira ana akhama, amene anamva malangizo onse awiri n'kuwachita pamodzi. Amasintha malire bwinobwino kukhala 1 ndi 5, kenako amabwezeretsanso x, n'kuika 5 ndi 1 mu (x² + 1)⁴/4. Pa 5 zimapereka 26⁴/4, pa 1 zimapereka 2⁴/4, ndipo yankho limatuluka 114,240. Apa malire a u aperekedwa kwa x. Ukasintha malire, x watsanzikana naye, usamuitanenso.

Funso limene ndimaliona lofunika n'lakuti, ungadziwe bwanji wekha kuti walakwa, popanda buku la mayankho? Yang'ana kukula kwa chimene ukuphatikizacho. Fankishoni yathu 2x(x² + 1)³ imangokwera x akamakula kuchokera pa 0. Pa x = 1 ili pa 2 × 8, ndiye 16. Pa x = 2 ili pa 4 × 125, ndiye 500. Kuchokera pa 1 kufika pa 2 girafu siitsika pansi pa 16, ndipo m'lifupi mwa chigawocho ndi 1, kotero malo a pansi pa girafu m'chigawo chokhacho aposa kale 16. Yankho la 4 silingatheke. Kumbali inayo, girafu siipitirira 500 paliponse, m'lifupi monse ndi 2, kotero yankho silingapose 1,000. Apo 114,240 yagwa. Kuyesa kumeneku sikutenga nthawi, ndipo ndikanakonda tikadamakuphunzitsa limodzi ndi njira yeniyeniyo.

Aphunzitsi anzanga, pali china chimene tiyenera kusamala posankha zitsanzo zoyambira. Tikapereka u = x² ndi malire 0 ndi 1, malire atsopano amakhalanso 0 ndi 1, poti 0² ndi 0 ndipo 1² ndi 1. Mwana amene sanaganizeko n'komwe zosintha malire amakhoza samuyo, timamuchongera, ndipo amachoka akukhulupirira kuti njira yake ili bwino. Chizolowezicho chimadzaonekera pa mayeso, malire akakhala ena. Chitsanzo choyamba chizikhala chimene malire ake akusinthadi moonekera, monga 0 ndi 2 kusanduka 1 ndi 5.

Nthawi zina malire atsopano amatuluka chododometsa, wamkulu m'munsi, wamng'ono m'mwamba. Tengani intigiro ya sin x cos² x dx kuchokera pa 0 kufika pa π/2. Tikati u = cos x, du = −sin x dx. Pa x = 0, u ndi 1. Pa x = π/2, u ndi 0. Ndiye m'munsi mukhala 1, m'mwamba 0. Ambiri amaona ngati alakwitsa, amawatembenuza mwakachetechete kuti wamng'ono akhale pansi, n'kusunga mainasi uja, yankho n'kutuluka −1/3. Koma sin x ndi cos² x onse sali pansi pa ziro m'chigawo chimenechi, choncho yankho la mainasi likudziulula lokha kuti n'lolakwa. Malire asiyeni momwe atulukira: intigiro ya −u² du kuchokera pa 1 kufika pa 0 imapereka −u³/3, pa 0 ndi 0, pa 1 ndi −1/3, ndipo 0 kuchotsapo −1/3 ndi 1/3. Mukafuna kuwatembenuza n'zololedwa, koma kutembenuzako kumasintha chizindikiro, ndiye mainasi uja amachoka, n'kutsala intigiro ya u² du kuchokera pa 0 kufika pa 1, yomwe ndi 1/3 yomweyo.