Funso la buku lizikhala ndi poyambira mkangano

Aphunzitsi anzanga a Fomu 3 ndi 4, maganizo anga ndi awa: funso limene mwana angaliyankhe bwino atangowerenga chidule cha m'pamfuleti, osatsegula bukulo, si funso lotanthauzira.

Titenge The Pearl, buku la John Steinbeck la 1947, lonena za Kino amene anapeza ngale yaikulu m'nyanja, mkazi wake Juana ndi mwana wawo Coyotito. Tikafunsa kuti "Juana anafuna kuchita chiyani ndi ngale usiku uja?" tikungoyesa ngati mwana akukumbukira. Zimenezo tonse timadziwa. Funso limene limatipusitsa ndi lakuti "Fotokozani khalidwe la Juana." Limaoneka lakuya, koma kalasi yonse ilemba "wachikondi, wopirira, wanzeru" monga analowezera. Nalonso lakuti "Onetsani kuti dyera linamuwononga Kino" lamuganizira kale mwana, iye kwake n'kuvomereza basi.

Yesani ili: "Kodi chinagwetsa banja la Kino ndi zochita za Kino mwini kapena anthu a m'tauni? Sankhani mbali, mutchule zochitika ziwiri, ndipo mufotokoze mmene chilichonse chikutsimikizira mbali yanu."

Musanalipereke, liyankheni nokha kawiri, mbali zonse. Woloza chala anthu a m'tauni ali ndi umboni wamphamvu. Dokotala anakana kuthandiza Coyotito atalumidwa ndi chinkhanira, ngale isanapezeke n'komwe, ndiye nkhanza sizinabwere ndi ngaleyo. Ogula ngale, amene onse ankagwirira ntchito bwana mmodzi, anayambira pa mapeso 1,000 pamene Kino ankati ndi ya 50,000. Woloza Kino nayenso ali ndi pogwira: anamumenya Juana pamene ankafuna kuponya ngale m'nyanja, ndipo anaikakamirabe bwato lake litabooledwa, nyumba itapsa. Mukaona kuti mbali imodzi ikukanika kupeza zochitika ziwiri, funsolo lili ndi yankho limodzi lobisika. Lilembeninso.

Koma funso labwino limafera pochonga. Ngati ndondomeko yochongera ikupereka malikisi pa chochitika chilichonse chotchulidwa, mwana wofotokoza nkhani yonse apambana woganiza. Pa malikisi 10 ine ndingagawe chonchi: 2 pa kunena mbali momveka, 2 pa zochitika ziwiri zolondola, 6 pa kulumikiza, ndiye kuti 3 pa chochitika chilichonse. Wolemba kuti "dokotala anakana kuthandiza mwana" wapeza 1 yokha. Wowonjezera kuti izi zinachitika Kino asanakhale ndi kanthu, choncho kunyozedwa kwa anthu a mtundu wake kunalipo kale, watenga 3 zinazo. Mulembenso pandondomekopo kuti mbali zonse ziwiri n'zololedwa, chifukwa wochonga wina amachotsa malikisi mwana akangosiyana naye maganizo, ndipo zimenezi zimandipweteka kwambiri.

Mapepala akabwera, yang'anani mawu olumikizira ziganizo. Pakachuluka "kenako" ndi "atatero", ana afotokoza nkhani. Pofunika "chifukwa", "izi zikusonyeza kuti", "ngakhale". Mapepala ambiri akadzaza "kenako", musafulumire kudzudzula ana. Nthawi zambiri funsolo linakula kwambiri, linafunsa za buku lonse, ndiye lichepetseni lifunse za chaputala chimodzi kapena chisankho chimodzi cha mtengambali.