Mpando wa chimbudzi wothawira m'mbali

Amisiri ena kuno ku Mzuzu amandinyansa. Akamanga chimbudzi chogejemula amaika mpando ndi mabawuti achitsulo wamba, ngati sadziwa kuti mzinda uno ndi wa chinyontho. Pakapita miyezi dzimbiri ladya mabawuti aja, mawashala arabala aphwanyika, ndipo ukangoti ukhale, mpando uja psiti, wathawira kumanzere.

Anthu ambiri amangotenga sipanala n'kukunga nati imodzi mwamphamvu. Kumeneko ndiye kuononga! Bawuti yadzimbiri siigwiranso, ndipo mukakakamiza mbale ya chimbudzi imang'aluka pabowo pomwepo.

Chotsani mabawuti onse awiri, ngakhale ina ikuoneka yabwino. Manati ali kunsi, kumbuyo kwa mbale. Thirani mafuta ofewetsa dzimbiri mudikire mphindi 15. Akakanabe, dulani ndi sowo yazitsulo mutamatiratu tepi pambale kuti isakandike. Bawuti yakale mupite nayo kuhadiweya mutauni akuyezereni, mugule zapulasitiki kapena zachitsulo chosachita dzimbiri. Onetsetsani kuti m'paketi muli timarabala tosongoka tolowa m'mabowo a mbale. Bowo la mbale ndi lalikulu kuposa bawuti, ndiye timarabalato ndi timene timatseka mpata kuti mpando usaseweremo.

Pomanga musathamange. Zungulizani manati onse ndi zala mpaka angokhudza, tsitsani mpando muulunjikitse pakati, kenako muzikunga mosinthanasinthana: theka la kuzungulira pa nati yakumanja, theka pa yakumanzere. Mukamaliza mbali imodzi kaye, mpando umakokedwa n'kupendekera. Ukasiya kugwedezeka mukaukankha ndi dzanja, lekerani pomwepo. Ikatha sabata mudzakungenso pang'ono, chifukwa rabala imaphwa.