Khungu lakuda si la mtundu umodzi

Zandikwana, abale. Chibwerereni kunja kuno, shopu iliyonse yomwe ndalowa nkhani ndi yomweyo: mafaundeshoni, zodzola zija za kunkhope zofanana ndi mtundu wa khungu, a khungu loyera ali ndandanda shelefu yonse, athu awiri kapena atatu kumapeto. Wogulitsa amangotola botolo lomalizalo n'kunena kuti ndi langa, osandiyang'anitsitsa n'komwe. Zimandipweteka, chifukwa ndalama zanga n'zofanana ndi za ena onse.

Chimene ogulitsawa sachidziwa n'chakuti anthu awiri akhoza kuda mofanana koma kamtundu kapansi pa khungu n'kusiyana. Wina kake n'kofiirira, wina kachikasu, wina kapakatikati. Pamabotolo ambiri amalemba W, C kapena N posonyeza kamtunduka, koma zilembozi kampani iliyonse imazigwiritsa ntchito mwa njira yake, choncho musamazidalire kwambiri. Akakuuzani kuti muone mtundu wa mitsempha ya pamkono kuti mudziwe kamtundu kanu, akutayitsani nthawi. Pakhungu lakuda kwambiri mitsemphayo sioneka bwino.

Botolo langa loyamba linandituwitsa mbuu ngati ndagwa m'phulusa. Linali lowalirapo, lochuluka utoto woyera, ndipo utoto woyerawo ukakhala pakhungu lakuda umatuwa basi. Lachiwiri linali lakuda mokwanira, pagalasi la m'shopu linkaoneka bwino, koma pofika kuntchito nkhope inali ya olenji, khosi lili lina. Faundeshoni ina ikauma n'kusakanikirana ndi mafuta a pankhope imadera kapena kufiira, ndiponso magetsi a m'shopu amanamiza maso.

Masiku ano sindiyesanso kuseri kwa dzanja. Ndimapaka timizere titatu pansagwada kutsikira kukhosi, n'kutuluka panja ndi kagalasi, n'kudikira mphindi 15. Kamzere kamene kazimiririka ndiye kanga. Ngati palibe kamene kazimiririka, ndimasankha kofanana nane pa kuda kwake, chifukwa kamtundu kapansi kamakonzeka mosavuta, pomwe botolo lowala kwambiri limavuta kulidetsa osaliwononga.

La olenji lija sindinalitaye. Ndinaitanitsa pa intaneti kabotolo ka utoto wabuluu wosakanizira faundeshoni, poti buluu amazimitsa olenji. Ndimafinyira faundeshoni kawiri pakambale koyera, n'kuikapo buluu wochepa ngati mutu wa machesi, n'kutakasa mpaka timizere tonse tathe. Tsiku loyamba ndinachulutsa, nkhope inachita bii, yopanda moyo. Zikatero mumangowonjezera faundeshoniyo pang'onopang'ono mpaka kufiirira kubwerere. Muzisakaniza wa tsiku limodzi lokha, osathira m'botolo lonse, chifukwa nyengo yozizira khungu limawalako ndipo muyeso umasintha.

Komabe mtima sukhala pansi. Anzanga a kuntchito amalowa m'shopu n'kutuluka ndi botolo lawo mphindi zisanu zisanathe. Ine ndigule zinthu ziwiri, ndidikire katundu masiku angapo, ndidzuke m'mamawa kutakasa utoto, kuti nkhope yanga ingofanana ndi khosi langa.