Ndalama zimene zalowa si malonda a mweziwo

Anzanga a mashopu kuno ku Salima, makamaka amene tinalembetsa VAT, pali chizolowezi chimene ndikufuna tisiye. Mwezi ukatha timatenga sitetimenti ya ku banki, ya Airtel Money, ya Mpamba ndi kabuku ka ndalama za mu dirowa, kuphatikiza zonse, n'kutumiza kwa akauntanti kuti "malonda ndi awa". Amenewo si malonda. Ndi ndalama zimene zalowa, ndipo ziwirizi zimasiyana pafupifupi mwezi uliwonse.

Ine ndimagulitsa simenti, malata, penti ndi misomali pa Kamuzu Road. Ambiri amalipira pompopompo, koma ndili ndi makasitomala a ku Senga Bay, a maloji, amene amatenga katundu lero n'kudzalipira pakatha milungu itatu kapena isanu. Katundu akamakwera galimoto ndimadula risiti ya pa makina a msonkho tsiku lomwelo, ndipo malondawo ndi a tsiku limenelo. VAT yake ndi ya mwezi umenewo, kaya andilipira kaya sanandilipire. Zimawawa, inde, kupereka msonkho pa ndalama imene sunaigwire, koma ndi mmene zimayendera.

Ndikuonetseni ndi mwezi wa Malichi. Nditaphatikiza malipoti a Z, aja amatuluka m'makina madzulo tikamatseka, malonda a mwezi wonse anakwana K18,400,000. Ndalama zimene zinalowa zinali K9,150,000 ya m'manja, K4,300,000 ya pafoni ndi K5,600,000 ya ku banki. Pamodzi K19,050,000. Ndiye kuti zolowa zinaposa malonda ndi K650,000.

Kale ndikanakondwa n'kutumiza chomwecho. Koma taganizani akauntanti atalemba K19,050,000 pa fomu ya VAT. Ndikanalipira msonkho pa K650,000 imene sindinagulitse mwezi umenewo, komanso nambala yanga ikanasemphana ndi ya makina, pamene makinawo amatumiza okha malonda ku MRA. Tsiku lodzafunsidwa kuti kusiyanaku kukuchokera kuti, woyankha ndi ine mwini TPIN, osati akauntanti.

Ndiye ndinakhala pansi ndi buku la ngongole. Mu K5,600,000 ya ku banki muja munali K2,270,000 imene loji ina inalipira pa 11 Malichi, ya malata ndi simenti zimene anatenga mu Febuluwale. Risiti yake inadulidwa mu Febuluwale ndipo VAT yake ndinaipereka kale. Kuiwerenganso mu Malichi ndi kulipira msonkho kawiri pa malata omwewo. Nditaichotsa panatsala K16,780,000, ndiyo ndalama yeniyeni ya katundu wa mu Malichi. Kenako ndinayang'ana amene anatenga katundu mu Malichi koma pofika pa 31 anali asanalipire. Anali atatu, K1,570,000 onse pamodzi. Kuwonjezera pamenepo inakwana K18,350,000.

Makina akuti K18,400,000. Yasowa K50,000.

Apa m'pamene ambiri timatopera n'kunena kuti ndi yochepa, isiyeni. Ine sindisiya, chifukwa K50,000 yosadziwika ikhoza kukhala yabedwa, ikhoza kukhala risiti yodulidwa kawiri, ikhozanso kubisa zolakwika ziwiri zazikulu zimene zangotsala pang'ono kufafanizana. Njira yake ndi kuyenda tsiku ndi tsiku, lipoti la Z kudzanja lino, zolowa za tsikulo kudzanja linalo. Masiku onse anagwirizana kupatula pa 19. Ndinamufunsa mtsikana wa pa kauntala, iye n'kukumbukira: "Amayi, lija ndi tsiku inabwera thiraki ya simenti. Munati nditenge mu dirowa ndilipire anyamata otsitsa." Zinali zoona. Ndinalamula ndine, ndipo palibe analemba. Ndalamayo inali ya malonda ndithu, kungoti inatuluka tisanawerenge madzulo. Tinailemba ngati ndalama yolipira otsitsa katundu, anyamatawo anasaina papepala, mabuku n'kugwirizana mpaka pa kwacha. Kuyambira tsiku limenelo mu dirowa mumakhala kabuku kakang'ono, ndipo ngakhale K2,000 ya kabaza siituluka isanalembedwe.

Pa loji ija pali chinanso chimene sindifuna chikudutseni. Invoisi yawo inali ya K2,330,000, koma analipira K2,270,000. K60,000 inayo sanandibere. Anaidula ngati msonkho umene ogula ena amayenera kudula asanalipire, n'kukaupereka ku MRA m'dzina langa. Ndalama imeneyo imadzachotsedwa pa msonkho wanga wa pachaka, koma pokhapokha pali satifiketi yosonyeza kuti anadula. Mukapanda kuitsatira, m'buku mwanu mumatsala kangongole ka K60,000 kamene sikadzalipidwa, ndipo akauntanti alibe poyambira kukubwezerani. Ine ndimaifunsa sabata yomweyo imene ndalama yalowa, chifukwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi amene anadula uja mwina anachoka ntchito.

Za foni ndingonena mwachidule. Nambala ya shopu ikhale ya shopu. Mukalandirira pomwepo ndalama ya chipepeso cha maliro kapena ya fizi yochokera kwa achimwene, akauntanti sangadziwe kuti si malonda.

Tsopano chimene ndimatumiza, ndipo ndimatumiza pasanafike pa 5. Fayilo imodzi ya Excel, mzere umodzi pa tsiku: deti, malonda a pa lipoti la Z, za m'manja, za pafoni, za ku banki, zotengedwa pa ngongole. Tsamba lachiwiri ndi la angongole, aliyense ndi nambala ya invoisi yake, zimene analipira, tsiku lake ndi zimene zatsala. Pambali pake masitetimenti monga anatulukira, osati zithunzi zojambula pa foni, ndi malisiti a katundu amene ndinagula. Malisiti amenewa ndimayamba ndawaona ndekha ngati ali a makina ndipo TPIN ya wogulitsa ikuoneka, chifukwa VAT imene ndinalipira pogula singachotsedwe ndi kapepala kolemba pamanja. Mapepala a makina aja amafufutikanso msanga ndi kutentha kwa kunyanja kuno, choncho ndimawafotokopa akadali owerengeka.

Ena amati nanga akauntanti timamulipiriranji ngati zonsezi tichita tokha. Ndimawamva, ndalama yake si yochepa. Koma akauntanti wanga ali ku Lilongwe. Sanaone thiraki ya simenti pa 19, sadziwa kuti loji ija inatenga malata liti. Zimenezo zili m'mutu mwathu ife a pa shopu, ndipo zimaiwalika pakangotha milungu iwiri. Ntchito yake ndi kudziwa kuti katundu uyu ali ndi VAT uyu alibe, kuwerengera bwino, kulemba pa Msonkho Online ndi kundichenjeza pamene ndikulakwa. Ukamupatsa jumbo ya mapepala pa 23, pamene VAT imafunika pofika pa 25 ndipo PAYE ya antchito inadutsa kale pa 14, angolemba zimene waona kuti tsiku lisapitirire. Ali ndi makasitomala ena ambiri amene abweretsanso majumbo awo sabata yomweyo.

Kutseka kwa Malichi kunanditengera madzulo awiri, ndipo theka la nthawiyo linapita pofufuza K50,000 ija. Epulo ndinamaliza Loweruka limodzi masana, popeza kabuku ka mu dirowa kanali katayamba kale kugwira ntchito. Akauntanti anandiimbira kamodzi kokha, kufunsa satifiketi ya K60,000, ndipo inali kale m'fayilo.