Losi ya zaka zoyamba: zaka 6 kwathu, 5 ku Mozambique ndi ku Zambia

Mnzanga wina wa ku Thyolo akufuna kudzala makademiya kudzera pa kampani yake, ndipo anandionetsa mapepala omwe akupita nawo kubanki. Pa mzere wa msonkho, chaka choyamba, analemba kuti kampani ilandira K18 miliyoni. Nditamufunsa gwero la ndalamayo anati, "Achimwene, ndiluza K60 miliyoni, msonkho wa kampani ndi 30 peresenti, ndiye imeneyo ndi yanga." Mtima unandiwawa, chifukwa ngongole yake yonse inatsamira pa ndalama yoti sidzalowa. MRA sibweza ndalama kwa amene waluza. Imangokulola kusunga losiyo kuti udzaichotsere pa phindu la zaka zakutsogolo, ndipo kwathu kuno lamulo wamba limapereka zaka 6 zokha.

Mukangooloka pa Muloza kulowa ku Milange, zakazo zimatsika kufika pa 5. Ku Zambia nakonso bizinesi wamba imapatsidwa zaka 5, ndipo losi imachotseredwa pa phindu la ntchito yomweyo imene inaluza. Ku Tanzania losi ilibe tsiku lothera. Kwa wa golosale kusiyana kwa chaka chimodziku n'kosaoneka, koma mtengo wa makademiya umatha zaka zinayi kapena zisanu usanabereke zoti n'kugulitsa.

Tinakhala pansi n'kuwerengera ndi manambala ake. Chaka choyamba aluza K60 miliyoni, chachiwiri K20 miliyoni, chachitatu K20 miliyoni. Chachinayi ndi chachisanu sapindula, saluza. Phindu liyamba chaka cha 6 ndi K20 miliyoni, cha 7 K40 miliyoni, cha 8 K60 miliyoni. Tinayamba kuchotsera losi yakale kwambiri, ndipo msonkho tinausiya pa 30 peresenti ponseponse kuti tione zochita za zaka zokha.

Pa lamulo la kwathu, losi ya chaka choyamba imagwira ntchito mpaka chaka cha 7. Imaphimba phindu lonse la chaka cha 6 ndi cha 7 n'kuthera pomwepo, osatsala kanthu. Chaka cha 8, K40 miliyoni ya zaka zina ziwiri zija imachotsedwa pa K60 miliyoni, msonkho n'kukhala K6 miliyoni basi.

Pa lamulo la zaka 5, losi yaikulu ija imafa chaka cha 6 chikatha, itangophimba K20 miliyoni, ndipo K40 miliyoni yatayika. Chaka cha 7 munthu salipirabe msonkho, poti losi ya chaka chachiwiri ndi chachitatu ilipo, choncho sadziwa n'komwe kuti wapwetekeka. Bala limaonekera chaka cha 8, pomwe phindu lonse la K60 miliyoni limadulidwa msonkho wa K18 miliyoni. Munda womwewo, mtedza womwewo, koma m'thumba mwachepa K12 miliyoni.

Tisafulumire kudzitama kuti kwathu kuli bwino. Ndinamuuza mnzangayo kuti akankhire phindu lonse kutsogolo ndi chaka chimodzi, monga zingachitike mbande zikauma n'kudzalanso, kapena kukagwa mvula ngati ya namondwe Freddy yemwe anasakaza Mulanje mu 2023. Zotsatira zake zinafanana ndendende ndi za zaka 5 zija: K40 miliyoni yafa, K12 miliyoni yapita. Apa m'pomwe njira ya ku Tanzania imandikhutiritsa, chifukwa mlimi wa mitengo sakhala akuthamangitsana ndi kalendala pamene mitengoyo ikukula pa liwiro lake. Ku Zambia anachita kwina: msonkho wa phindu la ulimi ndi 10 peresenti, moti losi ya K40 miliyoni ija ikafa chomwe chatayika n'chochepa, K4 miliyoni m'malo mwa K12 miliyoni.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, K18 miliyoni ija si ya lero. Idzabwera ngati msonkho wosalipidwa, K6 miliyoni chaka cha 6 ndi K12 miliyoni chaka cha 7. Ngati ngongole ya mnzangayo ili pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti, ndalama imeneyo ikufanana ndi pafupifupi K6.4 miliyoni ya chaka choyamba. Mpata wa pakatipo autseke yekha, ndi ndalama zake kapena zobwereka.

Tisanasiyane tinakonza zinthu ziwiri. Mtengo wogulira malo tinauchotsa mu losi, chifukwa si ndalama iliyonse yotuluka m'thumba imene imawerengedwa ngati losi ya msonkho. Ndipo anavomera kuti azipereka mafomu a msonkho ku MRA chaka chilichonse ngakhale asanakolole mtedza ndi umodzi womwe, malisiti a feteleza, mbande ndi aganyu ali m'faelo, losi ya chaka chilichonse pa mzere wakewake, pambali pake atalemba chaka chomwe idzathere.